Kalembedwe ka uthenga wa pafoni wa manambala okhaokha: chitsanzo cha malonda a soya ku Domwe

Nyengo yokolola ikafika ine ndimakhala pa sikelo ku Domwe, m'boma la Angonia, kugula soya ndi ndalama za malume anga amene amakhala mumzinda wa Tete. Loweruka lililonse madzulo ndimawatumizira uthenga umodzi wowadziwitsa momwe sabata yayendera. Iwo ali ndi kafoni ka mabatani, maso awo afooka, ndipo uthengawo amauwerenga ataimirira pa sitolo, kasitomala akuwadikira. Ndiye uthenga wanga uyenera kukwana pa meseji imodzi, ndipo akauwerenga kamodzi adziwe zitatu: ndalama zapita kuti, zatsala zingati, ndipo iwo achitepo chiyani. Ndikuonetsani momwe ndimaulembera, kuyambira m'kope mpaka pa batani lotumizira. Njira yomweyi igwira ntchito kwa mlembi wa kalabu ya alimi, msungichuma wa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, kapena woyang'anira chigayo cha munthu wina.

Yambani ndi kope, foni ikhale kaye m'thumba

Uthenga waufupi umachokera ku masamu amene atha kale. Mukayamba kulemba pafoni musanatseke masamu, mumapezeka mukufotokoza nkhani mmalo mopereka manambala, chifukwa inu eni simunadziwe kuti manambalawo ndi ati. Choncho khalani pansi ndi kope lanu, werengani ndalama zimene zili m'manja, onaninso zimene zili mu M-Pesa kapena mu e-Mola, ndipo muwerenge matumba ali m'nyumba ndi maso anu, osangodalira zimene munalemba Lachitatu.

Sabata imene ndikutengerapo chitsanzo, kope langa linali motere. Malume ananditumizira mametikali 60000. Ndinagula soya wolemera makilogalamu 1840 pa mtengo wa mametikali 25 pa kilogalamu, zimene zikukwana 46000. Matumba opanda kanthu ndinagula 37 pa mametikali 20 lililonse, ndiye 740. Anyamata aganyu osoka ndi kunyamula ndinawalipira 1260, ndipo mwini ngolo anatenga 1500. Zitatuzi pamodzi zikukwana 3500. Mukachotsa 46000 ndi 3500 pa 60000, patsala 10500, ndipo nditawerenga ndalama za m'chikwama changa zinalidi 10500. Zikanapanda kugwirizana, sindikanatumiza kanthu mpaka nditapeza pamene pasokonekera.

M'kopemo munalinso zina zambiri: maina a alimi amene anabweretsa soya, tsiku limene kunagwa chiperoni anthu osabwera, mayi wina amene ndinamubweza chifukwa soya wake anali wosauma. Zonsezo n'zoona ndipo zili ndi ntchito yake, koma malo ake ndi m'kope momwemo.

Dzifunseni kuti wowerengayo achita chiyani akawerenga

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Nambala yofunika ndi imene ingasinthe zochita za munthu amene mukumulemberayo. Kukula kwa nambala kapena thukuta limene munakhetsa kuti muipeze sizikuyeneretsa kulowa mu uthenga.

Malume ali ndi zosankha ziwiri zokha Lolemba lisanafike: kutumiza ndalama zina kapena ayi, ndiponso kundilola kukweza mtengo kapena ayi, popeza ogula anzathu a pafupi ndi sikelo yanga anali atayamba kupereka mametikali 27. Kuti asankhe bwino ayenera kudziwa ndalama zimene ndinalandira, kuchuluka kwa soya ndi mtengo wake, zimene zapita ku zina, zimene zatsala, ndi mtengo wa anzathuwo. Basi. Za ganyu, ngolo ndi matumba ndimaziphatikiza kukhala nambala imodzi, 3500, chifukwa malume sangasinthe maganizo awo poti ngolo inadya 1500 osati 1400. Akafuna kuziona chimodzichimodzi adzaziona m'kope tikadzakumana.

Koma samalani: kuphatikiza kumeneku kuli ndi malire. Sabata imene sikelo inathyoka ndikuikonzetsa, ndalama za zina zinakwera kuposa masiku onse. Pamenepo sindinazikwirire mu nambala imodzi. Ndinalemba mzere wakewake wa sikelo, chifukwa munthu akaona nambala imene anazolowera yatupa mwadzidzidzi popanda chifukwa, amayamba kukayika, ndipo kukayikirana pa ndalama pakati pa abale n'kovuta kukuchotsa kukalowa.

Njira imene ndimayesera nayo nambala iliyonse ndi yosavuta. Ndimaiphimba ndi chala n'kudzifunsa: ikasowa iyi, malume andiimbira foni kuti aifunse? Ngati yankho ndi inde, ikhalemo. Ngati ndi ayi, ituluke. Kawirikawiri zimatsala nambala zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Zikapitirira pamenepo, mwina mukulembera anthu awiri osiyana mu uthenga umodzi, kapena mwaphatikiza nkhani ziwiri, monga soya ndi chimanga, zimene zikufunika uthenga wakewake.

Nambala iliyonse ikhale ndi dzina ndi muyeso wake

Chaka china ndinalemba kuti "zatsala 37". Ine ndimanena matumba opanda kanthu. Malume anamva kuti ndi matumba a soya odzaza, ndipo anakambirana ndi mwini galimoto kuti abwere kudzanyamula. Galimoto inafika pakhomo katundu ali wosakwana, ndipo mafuta ake tinalipira ndife. Kuyambira tsiku limenelo nambala yopanda dzina sindiitumiza.

Kuno kwathu muyeso ndi wofunika kwambiri pa ndalama. Ku Kalomwe, kumalire ndi Dedza, ndiponso ku Zobwe ndi m'misika ya ku Tsangano, metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, ndipo munthu akangoti "faivi sauzande" muyenera kumufunsa kuti za kuti. Mu uthenga lembani `MT` pa mametikali ndi `MK` pa makwacha a ku Malawi. Simufunika kubwereza pa nambala iliyonse ngati uthenga wonse uli m'ndalama za mtundu umodzi. Ine ndimaika pa nambala yoyamba ndi pa yotsala. Koma mukasakaniza ndalama ziwirizi, ikani pa iliyonse, ndipo ngati mwasintha makwacha kukhala mametikali, lembaninso mtengo umene munasinthira tsiku limenelo, pakuti wosintha ndalama sakhala ndi mtengo umodzi sabata yonse.

Pa katundu, lembani makilogalamu ngati munayeza pa sikelo. Ndowa ndi thumba n'zabwino pokambirana pamsika, koma ndowa imayeza kudzaza osati kulemera, ndipo ndowa yosefukira ndi ndowa yofanana ndi mkombero wake zonse zimatchedwa ndowa. Makilogalamu 1840 aja ndi matumba 36 a makilogalamu 50 ndi lina losadzaza la makilogalamu 40. Ndikanalemba "matumba 37", malume akanachulukitsa ndi 50 n'kupeza 1850, ndipo makilogalamu 10 amene kulibe akanakhala ngongole yanga.

Kadontho ndi mpatuliro: zichotseni

Ili ndi vuto la ife a m'malire. Amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi amalemba zikwi ndi kadontho ndipo masentavo amawalekanitsa ndi mpatuliro, motere: `10.500,00`. Amene anaphunzira ku Malawi amachita mosemphana: `10,500.00`. M'banja limodzi mumapezeka onse awiri. Ndiye munthu akalandira `10.500` akhoza kuwerenga zikwi khumi ndi mazana asanu, wina n'kuwerenga khumi ndi theka. Pa ndalama zikuluzikulu nzeru zimamuuza munthu kuti khumi ndi theka sizingatheke, koma pa makilogalamu kapena malita a mafuta, `1.250` ikhoza kumveka mbali zonse ziwiri ndipo zonse n'kuoneka zotheka.

Mankhwala ake ndi kulemba nambala yosadula: `10500`. Pa kachiwonetsero kakang'ono ka foni, kadontho ndi mpatuliro zimafanana kale, makamaka galasi likakhala lokalika. Masentavo asiyeni ngati sakusintha kanthu. Pamene theka lili lofunika, monga mtengo wa mametikali 25 ndi theka pa kilogalamu, gwirizanani ndi wowerenga wanu kamodzi kuti muzilemba bwanji, ndipo musasinthenso. Nambala ikafika ziro zambiri, monga `1200000`, iwerengeni kawiri musanatumize, kapena ikani mpata, `1 200 000`, bola muonetsetse kuti siinaduke pakati pa mizere iwiri.

Musazungulize nambala imene wina adzaiyerekeza ndi ndalama zenizeni. "Pafupifupi 10000" ndi 10500 zikusiyana ndi mametikali 500, ndipo tsiku lowerengerana wina adzafunsa kuti 500 ija ili kuti.

Sanjani mizere monga momwe ndalama zinayendera

Mzere woyamba unene kuti uthengawu ndi wa chiyani, wa kuti, ndi wa tsiku liti. Tsiku lilembedwe ndi manambala, tsiku patsogolo mwezi pambuyo, monga `14/6`. Mawu oti "lero" ndi "dzulo" ndi achabe mu uthenga wotere, chifukwa kumidzi ina netiweki imasowa ndipo meseji yolembedwa Loweruka imatha kufika Lamulungu madzulo. Komanso pakatha mwezi, malume akamafufuza mauthenga akale, "lero" saathandiza kanthu.

Kenako mizere itsatane momwe ndalama zinayendera: zolowa, zotuluka, zotsala. Mukatero wowerenga amatha kuchotsera yekha m'mutu n'kuona kuti masamu akugwirizana. Nambala iliyonse ikhale pa mzere wake. Musayese kupanga tebulo poika mipata yambiri kuti manambala ayang'anizane. Zimene zikuoneka zowongoka pa foni yanu zimafika zokhotakhota pa foni ya mnzanu, ndipo mpata uliwonse umawerengedwa ngati chilembo.

Pempho kapena funso likhale lomaliza, likhale limodzi, ndipo likhale loyankhika ndi mawu amodzi. Mukafunsa kuti "ndiye tichite bwanji?" mwamupatsa munthuyo ntchito yoganizira zonse kuyambira pachiyambi. Mukafunsa kuti "Ndikweze?" akhoza kuyankha "Eya" kapena "Ayi" ali pa kauntala. Ikaninso tsiku limene yankho likufunika.

Poyamba ndinkalemba chonchi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amalembabe chomwechi:

```
Malume mwaswera bwanji kumeneko, ife kuno
tili bwino. Ndimafuna ndikudziwitseni kuti
sabata ino tagula ndithu ngakhale anthu
anachepa Lachinayi, ndalama zija zatsalako
pang'ono komanso anzathu akweza mtengo
ndiye kaya tichita bwanji
```

Ulemu ulimo, koma mulibe nambala ngakhale imodzi, ndipo malume akawerenga ayenera kuimba foni basi. Tsopano onani wa sabata yomweyo utakonzedwa:

```
Malume, soya Domwe 14/6
Ndinalandira 60000MT
Ndagula 1840kg pa 25 = 46000
Zina 3500
Zatsala 10500MT
Anzathu akugula pa 27. Ndikweze? Mundiuze pofika 16/6
```

Mwaona kuti mawu oti "Malume" sindinawachotse, ndipo ndalemba "Mundiuze" osati "undiuze". Kufupikitsa uthenga sikutanthauza kulankhula ndi wamkulu ngati mnzako wa kubusa. Malonje athunthu, kufunsa za azakhali ndi ana, timachita poimbirana Lamulungu. Ndinawauza kale malume kuti uthenga wa Loweruka ndi wa manambala, ndipo iwo eni anati ndi zimene amafuna. Ngati mukulembera amfumu kapena wapampando amene simunazolowerane naye, muuzeni pamaso kaye kuti mauthenga anu azikhala otere, kuti asaone ngati mwano.

Werengani zilembo: 160, koma nthawi zina 70

Meseji imodzi ya SMS imatenga zilembo 160. Pa chiwerengerochi pamalowa chilichonse: zilembo, manambala, mipata, zizindikiro, ngakhale kudumpha kupita pa mzere wina kumadya malo a chilembo chimodzi. Uthenga wanga uli pamwambawu uli ndi zilembo 153, ndiye wakwana ndipo patsala 7. Simufunika kuwerenga ndi chala. Mafoni ambiri amaonetsa kanambala pakona pamene mukulemba, monga `7/1`, kutanthauza kuti patsala malo a zilembo 7 ndipo uthenga ukadali meseji imodzi. Pa mafoni ena kanambalako kamaoneka pokhapokha mukayandikira malire.

Mukapitirira 160, uthenga umadulidwa magawo, gawo lililonse limatenga zilembo 153 zokha chifukwa malo ena amapita ku chizindikiro cholumikizira magawowo, ndipo gawo lililonse limalipiridwa ngati meseji payokha. Chimandidetsa nkhawa kwambiri si kiredito wodyedwayo ayi. Kumene netiweki ndi yofooka, gawo lina likhoza kuchedwa kapena kusowa, ndipo malume angalandire theka lokhala ndi ndalama zolowa koma lopanda zotsala.

Tsopano nachi chimene ambiri sadziwa, ndipo chimatikhudza ife a m'chigawo cha Tete kuposa ena. Zilembo 160 zija zimatheka pokhapokha uthenga wonse walembedwa ndi zilembo za pa mndandanda wamba wa SMS, umene akatswiri amautcha `GSM-7`. Mukangoikamo chilembo chimodzi chimene palibe pa mndandandawo, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kufika pa zilembo 70 pa meseji imodzi, kapena 67 pa gawo lililonse ngati wadulidwa. Zilembo za Chipwitikizi monga `ã`, `õ`, `á`, `ó`, `ú` ndi `ê` palibe pa mndandandawo. Chilembo chathu cha `ŵ` palibenso. Tizithunzi ta nkhope yoseka ndi manja opemphera tija nato timachita chimodzimodzi.

Ndiye taganizani: foni yanu ili m'Chipwitikizi, mwalemba Angonia, iyo yakukonzerani yokha kukhala `Angónia`. Kachizindikiro kamodzi ka pamwamba pa `o` kasandutsa uthenga wa zilembo 153 kukhala magawo atatu, pakuti magawo awiri a 67 amangokwana 134. Mungadziwe kuti zachitika mukaona kanambala ka pakona kadumpha mwadzidzidzi, mwachitsanzo kuchoka pa meseji imodzi kufika pa zitatu, inu mutangowonjezera mawu amodzi. Mukaona choncho bwererani, fufuzani chilembo chokhala ndi chipewa kapena kamzere pamwamba, ndipo muchilembe chopanda kanthu: `Angonia`, `Ulongue`, `feijao`, `Malawi`. Palibe amene angasokonezeke nazo. Mafoni ena amachotsa okha tizizindikiroti potumiza, koma musadalire zimenezo musanayese pa foni yanu. Chenjeraninso ndi mawu okopera kuchokera kwina: kachizindikiro ka mu `ng'ombe` kapena `pang'ono` kakakhala kopindika mmalo mwa kowongoka, nakonso kamagwetsa malire kufika pa 70.

Uthenga ukapitirira ndi zilembo zochepa, dulani mawu, musadule manambala kapena miyeso. "Ndinalandira" akhoza kukhala "Zolowa", "Ndagula" akhoza kutsala momwemo. Zidule zodzipangira nokha, monga `ztl` mmalo mwa "zatsala", zigwiritseni ntchito pokhapokha wowerengayo akuzidziwa kale. Kupulumutsa zilembo zinayi n'kuchititsa munthu kuimba foni yofunsa tanthauzo ndi kuluza.

Pa WhatsApp malire a 160 kulibe, komabe ine ndimalemba chimodzimodzi. Munthu amayamba waona mizere yoyambirira yokha pa chidziwitso chimene chimatulukira pamwamba pa foni, ndipo uthenga wotere ukhoza kukoperedwa n'kutumizidwa pa SMS kwa membala wa kafoni ka mabatani popanda kuusintha. Pewani nyenyezi zokometsera mawu, chifukwa pa WhatsApp zimadetsa zilembo koma pa SMS zimafika ngati nyenyezi zenizeni pakati pa manambala. Chithunzi cha tsamba la kope chikhoza kutsatira pambuyo ngati umboni, koma chisalowe mmalo mwa uthengawo. Chimafuna intaneti kuti chitseguke, ndipo wowerenga ayenera kufufuza yekha nambala pakati pa zolemba zanu zamanja.

Musanatumize, ndi mukalakwitsa

Uwerengeni uthengawo kuchokera pafoni, osati kuchokera m'mutu, ndipo muchite masamu ndi manambala amene ali pagalasipo: 1840 kuchulukitsa ndi 25 ikupereka 46000? Nanga 46000, 3500 ndi 10500 pamodzi zikubwerera ku 60000? Cholakwika chofala kwambiri ndi ziro imodzi yosowa kapena manambala awiri osinthana malo, 1480 mmalo mwa 1840, ndipo masamu amenewa amachigwira nthawi yomweyo. Onaninso dzina la amene mukumutumizira. Uthenga wonena kuti muli ndi mametikali 10500 m'nyumba usapite ku gulu la anthu ambiri, ndipo nambala yanu yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola isalowemo ngakhale wofunsayo atakhala mbale wanu.

Sabata yotsatira gwiritsani ntchito mizere yomweyo, mawu omwewo, mndandanda womwewo, mungosintha manambala. Maso a wowerenga amazolowera kuti "Zatsala" ili pa mzere wachisanu ndipo amathamangira pomwepo. Chosintha n'chimodzi: mzere wa ndalama zolowa uyambe ndi zimene zinatsala sabata yatha. Malume atawonjezera 40000, ndinalemba `10500+40000 = 50500MT`, kuti uthenga wa sabata ino ugwirane ndi wa sabata yatha ngati mfundo za unyolo. Nenaninso poyera ngati makilogalamu ndi a sabata ino yokha kapena ndi onse kuyambira pamene munayamba kugula. Mawu awiri, "sabata ino" kapena "onse pamodzi", akukwana.

Mukazindikira kuti mwalakwitsa mutatumiza kale, musatumize kachidutswa koti "pepani ndi 10500 osati 15000". Kachidutswako kakhoza kuwerengedwa pakokha patapita masiku, munthu osadziwa kuti kakukonza mzere uti. Tumizani uthenga wonse kachiwiri, wokonzedwa, ndipo mzere woyamba uyambe ndi mawu oti `KUKONZA` ndi tsiku la uthenga wolakwikawo, motere: `KUKONZA 14/6, fufutani woyamba uja`. Mzere umenewu ukhoza kukupititsani pa meseji yachiwiri. Lolani, kapena chotsani funso la kumapeto ngati layankhidwa kale. Kenako lembani m'kope, pansi pa masamu a sabatayo, kuti uthenga wokonza unapita tsiku liti ndi nthawi yanji.